Kalata ya Valentayini kwa Tiyamike

Chinamwali, Zomba
13 Febuluwale, usiku

Tiya,

Ndamuuza Yami kuti akangokupatsa phukusili azibwerera pompo, asadikire yankho, asakuyang'anenso nkhope. Mwana amene uja ndi wolongolola. Akaona kuti waseka adzandiuza, akaona kuti sunaseke adzandiuzanso, ndipo zonse ziwirizo sindingazikwanitse m'mawamawa.

Ili ndi pepala lachinayi. Atatu oyamba ali pa mbaula, asanduka phulusa. Loyamba ndinayamba ndi "Okondedwa achemwali", ngati ndikulembera mlembi wa kwaya. Lachiwiri ndinakopera mawu amene anzanga akutumizirana pa foni, a maluwa ndi nyenyezi, koma nditawerenga mokweza ndinachita manyazi ndili ndekha m'chipinda. Ukanadziwa msanga kuti si anga. Lachitatu linadontheredwa, denga lathu likudontha pakona paja.

Mwina waona kale kuti ndakulembera kuti "iwe". Takhala tikuyenda limodzi kuyambira Ogasiti, koma pakamwa panga pamatulukabe "inu". Tsiku lina unandifunsa kuti, "Kodi ine ndine apongozi ako?" Ndinaseka, kenako ndikupita kunyumba ndinayeserera njira yonse, kuchokera pa depoti mpaka pa Chinamwali, "iwe Tiya, iwe Tiya", anthu a kabaza n'kumandicheukira. Mawa lake nditakuona ndinati, "Mwadzuka bwanji?" Ndiye ndati ndiyambire papepala, mwina lilime litsatira.

Ndimadziwa kuti kukhala chete kwanga kumakusowetsa mtendere. Lamulungu lija tikuchokera ku kwaya unati, "Mada, nthawi zina sindidziwa ngati ulipo kapena ukungondiperekeza." Sindinayankhe, ndinangoyang'ana nsapato zanga. Mawu amenewa andikhala pamtima masabata atatu. Yankho ndinali nalo, koma linakanirira pakhosi. Ndilipo, Tiya. Ndikakhala chete pambali pako sindikhala kwina. Ndimakhala ndikukuona.

Ndimaona kuti ukamasoka kolala umaluma mlomo wam'munsi. Ndimaona kuti kasitomala akakunyoza mtengo sukwiya, umangopinda nsalu yake bwinobwino n'kumubwezera ndi manja awiri, ndipo ambiri amabwerera okha. Tiyi umamwa wa shuga wochepa, chimanga chootcha umafuna chopserera pang'ono, ndipo mvula ikamatsika m'phiri umayamba kuphimba makina, iwe n'kunyowa. Mu kwaya ukalakwitsa mawu umatseka maso ngati wagwidwa ndi mzimu, kuti aphunzitsi asakudzudzule. Ndinakutulukira kalekale, sindinauze munthu.

Tsiku loyamba lija ndinabwera ndi buluku long'ambika pa bondo. Lija linang'ambikadi, linakodwa pa msomali ku shopu. Koma malaya aja ndinabwera nawo sabata yotsatira, mabatani awiri ndinadula ndekha ndi lumo. Ndikuganiza kuti unadziwa, chifukwa unawayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Ulusi uwu waduka mwaulemu." Unandilipiritsabe. Ndinakukondera pomwepo.

Koma tsiku limene ndinadziwa kuti nkhaniyi yandikulira ndi la mu Novembala, mayi atagonekedwa ku chipatala chachikulu cha Zomba. Sindinakuuze. Unamva kwa ena, n'kutseka makina dzuwa lili pamutu, tsiku la ntchito yambiri, n'kubwera ndi phala mu fulasiki. Sunandifunse chifukwa chimene ndinakubisira. Unakhala pa benchi panja pa wodi mpaka nthawi yoona odwala itatha, osayankhula zambiri. Aka kanali koyamba kuti munthu akhale nane chete ine osaona ngati ndili ndi ngongole ya mawu. Mayi mpaka lero amafunsa kuti, "Mtsikana wa phala uja ali bwanji?" Ndimati ali bwino. Iwo amangoti "Ehe", n'kupitiriza kusankha nyemba.

Za m'phukusimo. Ukudziwa kuti Febuluwale ndi mwezi wouma m'thumba ngakhale kunja kuli chinyontho. Anthu ndalama zawo zinapita ku feteleza ndi ku fizi, palibe akugula mipando. M'tauni ndaona maluwa apulasitiki ndi zidole zofiira, ndinaima ndithu n'kufunsa mtengo, koma ndinaganiza kuti ukaziika pati, pakhonde pako pamene fumbi ndi ulusi zili ponseponse? Ndiye ndakupangira kabokosi. Ndi ka mbawa, zidutswa zimene zinatsala titapanga kabati ya munthu wina. Abwana anandilola kuzitenga, koma ndinkapanga madzulo anzanga ataweruka kuti asandifunse mafunso. Mulibe msomali ngakhale umodzi, ndalumikiza ndi mano ndi guluu basi. Muli zipinda zitatu: cha mabobini, cha singano ndi mapini, ndi chachitali cha sizasi yako ija imene umaisaka kakhumi pa tsiku. Ndinaiyeza ndi dzanja tsiku lina iwe utapita kukasintha ndalama. Chivundikiro chikuuma pang'ono chifukwa cha nyengoyi, matabwa amafufuma kukakhala mvula. Usachikakamize, dzuwa likabwerera chizitseguka bwino. Ukatembenuza pansi pake upeza zilembo ziwiri zing'onozing'ono. Ndinaziika pansi kuti uzidziwa iwe wekha.

Abwana anandipezerera ndikupaka vanishi. Anakazungulira kabokosiko, n'kunena kuti, "Mphwanga, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Bokosi siliyankhula." N'chifukwa chake pali kalatayi.

Ndimakukonda, Tiyamike.

Ndalemba, ndayang'ana, sindinafufute.

Sindikulonjeza zimene ndilibe. Ndikadali wophunzira ntchito, zipangizo zanga ndi pulena imodzi, sowo ndi hamala ya malemu bambo. Ndikufuna chaka chino chikamatha ndikhale ndi benchi yangayanga, ngakhale pansi pa mtengo wa mango. Sindikufuna kuti tizingobisalirana kuseri kwa tchalitchi ngati tikuba. Ukadzaona kuti nthawi yakwana, ndipo ukadzavomera iweyo, ndidzawauza amalume kuti akaonekere kwanu mwa dongosolo lake. Sindikukuthamangitsa. Ndikudziwa kuti ukufuna uyambe wagula makina akoako, usiye kubwereka a anthu, ndipo ine ndikufuna ndidzakhale amene ndidzakunyamulire makinawo kuchokera pa minibasi. Tebulo lake ndayamba kale kulijambula m'kope.

Pali china chimene ndikupempha. Ndikakhala chete, usamadzifunse ngati walakwa. Uzindifunsa ineyo, ndipo undipatse kanthawi. Ndimachedwa, koma ndiyesetsa kuti yankho lisamatenge masabata atatu. Nanenso ndikakhumudwa ndizinena, ndisamangosowa masiku awiri ngati muja ndinachitira pa Khirisimasi. Pa zimene zija pepa. Sunalakwe kanthu, ndinachita manyazi kuti ndinalibe choti ndikupatse.

Mawa ndiweruka 2 koloko. Ngati ungathe kutseka msanga, tikumane 3 koloko pa geti la ku Botaniki, tikayende m'mbali mwa Mulunguzi. Madzi achuluka masiku ano, akusokosera kwambiri moti ngakhale mawu anga atanjenjemera sudzamva bwino. Ndibweretsa chimanga chootcha ndi ambulera ya mayi, yaikulu ija. Sindivala zofiira, ndilibe, ndivala malaya a mabatani aja.

Ngati sungathe kubwera, ingonditumizira uthenga, sindidandaula. Ndanama, ndidandaula, koma pang'ono, ndipo Lamulungu ndidzakhala pamalo panga pa mzere wa besi.

Ukabwera, usatchule za kalatayi msanga. Undisiye ndiyambe ndine. Pali mawu awiri amene ndikufuna uwamve kuchokera pakamwa panga, ndipo ndakhala ndikuyeserera.

Ine wako,
Madalitso

Ndayiwala: m'chipinda cha mabobini muli maswiti anayi a mkaka. Ukapeza atatu, ufunse Yami.