Kalata ya kwa Mphunzitsi Wamkulu: Pempho Losintha Taimutebulo Kuyambira Teremu Ikubwerayi

Kwa: Mphunzitsi Wamkulu
Kuchokera kwa: Wapampando wa komiti ya taimutebulo, amenenso ndi mkulu wa maphunziro a sayansi
Ena olandira: Wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, msungichuma wa sukulu
Tsiku: Lachitatu, sabata ya 9 ya teremu yachiwiri

Ahedi,

Pa msonkhano wa aphunzitsi wa sabata ya 3 munatipatsa ntchito yoti tione chimene chikulepheretsa ana athu kumaliza mapulakitiko a sayansi, ndipo tibwere ndi njira zokonzera pamodzi ndi mtengo wake. Takumana kanayi, tawerenga buku la labu kuyambira tsiku lotsegulira, ndipo tayesa papepala mataimutebulo atatu. Pempho lathu ndi loti muvomereze njira yoyamba mwa zitatuzo: tisunthe buleki ya m'mawa kuchoka 9:30 kupita 10:10, kuti labu izilandira madabulo piriyodi anayi patsiku. Nthawi yolowa, ya nkhomaliro ndi yoweruka sizisintha.

Pamene pagona vuto

Pano tili ndi mapiriyodi 9 patsiku, a mphindi 40, ogawidwa atatuatatu: 7:30 mpaka 9:30, 9:50 mpaka 11:50, kenako 12:40 mpaka 2:40 masana. Makalasi ndi 8, awiriawiri Fomu 1 mpaka Fomu 4, ndipo labu ndi imodzi. Kalasi iliyonse imafunika dabulo imodzi pasabata ya Bayoloje, ina ya Fizikisi, ina ya Kemisitiri. Onse pamodzi ndi madabulo 24. Koma m'chigawo cha mapiriyodi atatu mumalowa dabulo imodzi yokha, piriyodi yachitatuyo imatsala payokha. Ndiye kuti labu imakwanitsa madabulo 3 patsiku, 15 pasabata. Otsala 9 aja akhala akuchitika mu piriyodi imodzi, kapena osachitika n'komwe.

Mphindi 40 mu labu si mphindi 40 zogwirira ntchito. Tinagwira wotchi kwa masabata awiri. Kulowetsa ana, kugawa zida ndi kufotokoza za chitetezo kumadya pafupifupi mphindi 10; kutsuka ndi kubweza zinthu m'malo mwake, mphindi 8. Zotsala ndi 22.

Ndikupemphani muganizire zimene mwana angachite m'mphindi 22. Pa Kemisitiri, akamadonthezera asidi mu alikali kufikira mtundu utasintha, ayenera kuchita ulendo woyamba wongoyerekeza, kenako kubwereza mpaka mayankho awiri atafanana. Ana athu amachita kamodzi, belu n'kulira, ndipo amakopera nambala za gulu limene lafulumira. Pa Bayoloje, kuyeza sitachi m'tsamba kumafuna kuliwiritsa, kulichotsa mtundu wobiriwira mu sipiriti, kulifewetsa m'madzi otentha, ndiye kudonthezera ayodini. Sabata yatha ndinaona gulu la atsikana a Fomu 2B akutaya tsamba lawo litangoyamba kuyera chifukwa kalasi ina inali itaima kale pakhomo. Mmodzi anandifunsa kuti, "Ndiye likanaoneka bwanji?" Ndinamuuza pakamwa kuti likanasanduka la buluu wakuda ngati inki. Funso limeneli likundivutabe mumtima, chifukwa mwanayu pa mayeso adzafunsidwa zimene anaona ndi maso ake.

Pali kanthu kena kamene tinakapeza tikufufuza izi. Mwa mapiriyodi 48 a Masamu pasabata, 19 ali masana ana atadya kale, ndipo anaikidwa kumeneko pofuna kusiyira labu malo m'mawa. Aphunzitsi a Masamu akhala akudandaula, ndipo kudandaula kwawo n'komveka.

Mmene tawerengera ndalama

Mitengo imene ogulitsa atipatsa ili ndi msungichuma, ndipo imasintha tisanafike pogula. Choncho m'kalata muno tatenga thumba lonse loyendetsera sukulu pa teremu ngati magawo 100. Msungichuma akuti tikachotsa magetsi, madzi, mayeso a pateremu, choko ndi malipiro a alonda, pamatsala magawo 14 opanda ntchito yoikika. Njira iliyonse tiyiyeze pa 14 ameneyu.

Njira yoyamba: kusuntha buleki

Tsiku lingayende chonchi. Mapiriyodi 1 mpaka 4 kuyambira 7:30 kufika 10:10, buleki mpaka 10:30, mapiriyodi 5 ndi 6 kufika 11:50, nkhomaliro monga kale, mapiriyodi 7 mpaka 9 kuyambira 12:40 kufika 2:40. M'mawa mulowa madabulo awiri, pakati imodzi, masana imodzi. Ndi 4 patsiku, 20 pasabata, ndipo dabulo iliyonse ipatsa ana mphindi 62 zogwira zida m'malo mwa 22.

Atsalabe 4 kuti akwane 24. Amenewa tikuti akhale a Bayoloje ya Fomu 1 ndi Fomu 2, chifukwa zambiri za pamenepo, monga kuona mbali za duwa, kusanja masamba ndi tizilombo m'magulu, kapena kuwerenga kugunda kwa mtima munthu atathamanga, zimatheka m'kalasi kapena pabwalo. Pafunika mabokosi awiri otsekeka okhala ndi magalasi okulitsira zinthu 20, timbale, timipeni ndi mabotolo. Sabata imene phunziro likufuna moto, ngati la tsamba lija, kalasiyo izisinthana ndi Fizikisi ya fomu yomweyo, poti phunziro ngati la pendulamu limangofuna chingwe, kachitsulo ndi wotchi. Kusinthanaku kuzilembedwa pa bolodi la m'sitafu Lachisanu lililonse.

Labu ikakhala yodzaza chonchi, mphunzitsi sangatsuke zida za kalasi imodzi ndi kukonzeranso za ina pa nthawi imodzi. Tikupempha munthu wothandiza mu labu, wobwera m'mawa masiku atatu pasabata: Lolemba, Lachitatu ndi Lachinayi, amene tawadzaza ndi Kemisitiri.

Mtengo wake: mapepala ndi inki zosindikizira, gawo 1; mabokosi awiri aja, magawo 3, kamodzi kokha; wothandiza mu labu, magawo 4 pa teremu; mankhwala ndi gasi zowonjezera poti ana azigwiradi ntchito, magawo 2 pa teremu. Teremu yoyamba ndi 10, kenako 6 teremu iliyonse. Papepala lathu loyesera, Masamu a masana atsika kuchoka pa 19 kufika pa 8.

Sindikubisireni kuipa kwake. Ana akhala mphindi 160 asanapume, pomwe pano ndi 120. Kwa a Fomu 1 imeneyi ndi nthawi yaitali, makamaka amene amabwera opanda kanthu m'mimba. Mmodzi wa ife m'komiti anakana njirayi pa chifukwa chimenechi, ndipo ndinalonjeza kuti ndilemba maganizo ake momwe anawanenera. Chimene tagwirizana n'chakuti pakati pa piriyodi 2 ndi 3 mphunzitsi wolowa azilola ana kuimirira ndi kupita kuchimbudzi kwa mphindi zitatu, ndipo kalasi isakhale ndi madabulo awiri a maphunziro owerengera motsatizana. Aphunzitsi awiri a Chingerezi atayanso masana aulere a Lachisanu amene anazolowera. Ndalankhula nawo, mmodzi wavomera, winayo akufuna kumva kwa inu.

Njira yachiwiri: mapiriyodi 6 a ola limodzi

Mphindi zophunzira zikhala zomwezo, 360 patsiku, ndipo labu ikhala ndi mipata 30 pasabata, yokwanira makalasi onse popanda mabokosi. Kusinthana kwa aphunzitsi pakhomo kuchepa, zimene n'zabwino. Poyamba ineyo ndinkaikonda njirayi. Ndinaisiya nditayesa kugawa maphunziro. Phunziro la mapiriyodi 4 lili ndi mphindi 160, zimene sizigawika ndi 60: lipatsidwe maola atatu, lalanda za anzake, lipatsidwe awiri, laperewera mphindi 40 sabata iliyonse. La mapiriyodi awiri ndiye likhoza kumaoneka kamodzi pasabata, ndipo tsikulo likagwera pa holide ana akhala masabata awiri osaliona. Kuti zilungame pangafunike taimutebulo yozungulira masabata awiri, imene imasokoneza ana ndi makolo pa nkhani ya mabuku oti anyamule. Komanso mu labu mwana apeza mphindi 42 zokha.

Aphunzitsi onse 22 angafunike kulembanso masikimu awo pakati pa chaka ndi kukhala pansi masiku awiri kuphunzira kadzazidwe ka ola lathunthu. Mapepala 3, maphunziro a masiku awiriwo 4, wothandiza mu labu 4, mankhwala 2: pamodzi 13, kenako 6 pa teremu. Tingafunikenso chilolezo cha ofesi ya maphunziro, poti tikhala tasintha utali wa piriyodi. A Fomu 4 ali pafupi ndi mayeso, sindingalimbe mtima kuwasinthira zonsezi tsopano.

Njira yachitatu: labu yachiwiri

Chipinda chosungiramo madesiki othyoka chikhoza kusanduka labu. Taimutebulo ingakhale momwe ilili, ndipo madabulo 30 pasabata angapezeke. Iyi ndiyo ingathetse vutoli kotheratu. Koma pafunika masinki anayi, mapaipi a madzi ndi gasi, mabenchi, mipando 45, mawindo ena awiri olowetsa mpweya, chozimitsira moto ndi chitseko chachiwiri chotulukira pa ngozi. Mmisiri amene anadzaona akuti zonse zingadye magawo 85, osawerengera zida zoyesera. Kuti tifikepo ndiye kuti tisunge 14 yense uja kwa materemu oposa 6, osakonza denga kapena kugula buku. Ana a Fomu 3 a lero adzakhala atachoka. Tikuti nkhaniyi ipite ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi ngati ntchito ya chitukuko payokha, koma isatichedwetse pano.

Zimene tikupempha kwa inu

Chonde mutiyankhe pofika Lachisanu la sabata ya 10 ngati mwavomera njira yoyamba, kuti aphunzitsi aione pa msonkhano wa sabata ya 11 ndipo makolo alandire kalata pamodzi ndi malipoti a ana. Tikupemphanso mulole msungichuma atulutse magawo 4 a mabokosi ndi mapepala tisanatseke, ndiponso kuti wachiwiri wanu ayambe kufunafuna wothandiza mu labu. Akhale munthu amene anaphunzirapo Kemisitiri mpaka Fomu 4, chifukwa azigwira asidi.

Tiyese kwa teremu imodzi. M'sabata ya 6 ndidzakubweretserani zinthu zitatu zowerengedwa: mapulakitiko amene amalizidwa malinga ndi buku la labu, ana amene apempha kutuluka kapena kudwala buleki isanakwane, ndi zotsatira za mayeso a pakati pa teremu a Masamu ndi sayansi. Zikadzaoneka kuti a Fomu 1 sakupirira, tili ndi taimutebulo ina yosungira imene imabwezera buleki yawo yokha ku 9:30, ngakhale imafuna mphunzitsi wina woyang'anira pabwalo.

Mataimutebulo atatu oyesera ndawasiya mu faelo yobiriwira patebulo panu, limodzi ndi mapepala amene tinalembapo nthawi tili ndi wotchi. Mukapeza mpata Lachinayi lino, Fomu 3A ili ndi Kemisitiri pa piriyodi 6. Ndingakondwe mutabwera kudzakhala kumbuyo mpaka belu litalira.

Ine wanu pa ntchito,
Wapampando wa komiti ya taimutebulo