Kwa a Banda a ku Dwangwa, za panelo ya sola yafika yosweka ija

Mwaswera bwanji a Banda, ndine mayi Chirwa eni shopu ija munagulako sola Lolemba kuno ku Lilongwe. Zithunzi zonse zisanu ndi kavidiyo kaja ndaziona m'mawa uno, ndipo ndisanayambe kufotokoza china chilichonse ndingoti pepani. Pepani kwambiri. Munalipira ndalama zonse pa Airtel Money osatsala ndi tambala yomwe, munatikhulupilira anthu oti simunationepo ndi maso, ndiye mwadikira pa siteji mpaka madzulo nkulandira panelo galasi lake lili nyenyenye ngati shuga, zimenezo sizoona ayi ndipo olakwa ndife.

Chachiwiri chomwe ndikupepesa, mwina nchachikulu kuposa galasilo, ndi yankho lomwe munalandira dzulo usiku. Ndawerenga macheza onse pa WhatsApp ya shopu ndipo ndaona mnyamata wathu anakulemberani kuti katundu akachoka pa shopu sabwezedwa, kafunseni a basi. Ine manyazi andigwira. Mawu amenewo alipodi pansi pa lisiti koma tinawaikira munthu amene wabwera yekha, wayesa katundu ndi manja ake, wanyamula, kenako wakagwetsa kunyumba nkubwera kudzati tibweze. Inu katundu simunamugwire nkomwe, amene tinasankha basi ndife, amene tinamanga katoni ndife, ndiye tikutumizeni bwanji mukakangane ndi kondakitala oti simunapangane naye kanthu? Ndakamba naye mnyamatayo, wamva, ndipo nkhani yanuyi kuyambira pano ndikuyendetsa ndekha.

Ndafufuza mmene zinakhalira, ndikuuzeni chilungamo. Lolemba ine ndinali ku Kanengo kukatenga katundu wina, ndiye anyamata anamanga okha. Panelo ya 200W ngati yanuyi timayenera kuika makatoni awiri mbali zonse, tizidutswa ta siponji m'makona anayi, nkuimangira m'kafulemu ka matabwa kuti iyende choimilira. Iwo anangoisiya mu katoni yake yakufakitale ija, yopyapyala, nkuzunguliza selotepi basi, osalembapo ngakhale kuti muli galasi. Ku depoti anaigoneka chafufumimba pansi mu buti, ndipo pa chithunzi chachitatu chija mukaonetsetsa pali dindo la makona anayi pa katoni, pakati penipeni pomwe ming'alu yayambira nkumwazikira mbali zonse ngati ukonde wa kangaude. Dindo limenelo ndi la batire yanu yomwe ija ya 100Ah, kukula kwake kukufanana ndendende. Ndiye taganizani chinthu cholemera pafupifupi makilo 30 chitakhala pagalasi kuchoka Lilongwe kutsika Salima, kukhota kulowa M5 kudutsa Nkhotakota mpaka Dwangwa, ndi mabampu a msewu umenewu mukuwadziwa bwino kuposa ine. Akanapanda kusweka bwenzi chili chozizwitsa. A basi ali ndi mbali yawo inde, koma imeneyo ndithana nawo ine, inu isakukhudzeni.

Munafunsa kuti kodi simungangoigwiritsa ntchito choncho poti mnzanu wa mawayilesi uja waiyeza padzuwa ndipo mita ikuonetsa 21V. Chonde musailumikize. Ndikudziwa zikuoneka ngati ikugwira, ndipo zoona panelo yosweka galasi imatulutsabe moto masiku oyamba chifukwa tizidutswato timakhala tomatirira ku pulasitiki ya mkati, sitigwa. Koma galasi lija ndi lomwe limatchinga madzi, ndipo ndi lamtundu woti likasweka limasweka lonse nthawi imodzi, silimatika ndi guluu kapena kuikapo lina pamwamba. Mame a m'mawa, chinyezi cha kunyanja kwanuko, mvula ikangoyamba, madzi amalowa m'ming'alumo nkuyamba kudya timizere tasiliva tija, moto umanka nutsika, malo ena amatentha kwambiri mpaka kupsereza pulasitiki yakumbuyo, ndiye pa denga la shopu yoti muli anthu ndi mafoni a eni ake ine sindingalole. Komanso 21V yo ndi ya panelo ili yokha yosasenza kanthu, siikuuzani mphamvu yeniyeni yomwe ingapereke ikalumikizidwa ku batire. Ibwezeni mu katoni, galasi liyang'ane kukhoma, muiike poti ana safika chifukwa tizidutswa take timalasa zala moipa.

Tsopano chomwe tichite ndi ichi. Panelo ina yatsopano ya 200W, mtundu womwewo, ilipo mu sitoko ndipo ndaiyesa ndekha lero masana pabwalo, ndikutumizirani vidiyo yake ikatha meseji ino kuti muone galasi, fulemu, kabokosi kakumbuyo ndi nambala yake. Kalipentala akukhoma kafulemu ka matabwa panopa. Ulendo uno sitiipatsira kondakitala ayi, abwera nayo Yamikani, mnyamata wathu amene amaika masola, anyamuka mawa Lachinayi ndi basi yam'mawa ndipo panelo ikhala choimilira pomwe iye akuiona. Akafika madzulo agona konko, malo ogona ndi chakudya ndi zathu, Lachisanu m'mawa akukhomerani padenga nkulumikiza zonse. Simulipira kalikonse, thiransipoti ayi, kuika ayi, olo ya fanta. Ntchito yoika ija timatchaja K35,000 ndipo munati muitana wa konko kuti muchepetse ndalama, ndiye imeneyo isiyeni, tapanga ife. Yoswekayo Yamikani abwera nayo pobwerera, musavutike kuitumiza.

Ngati mtima wanu wachoka pa ife, zomwe ndingamvetse, njira ina ndi yobweza ndalama. Panelo inali K230,000 ndipo thiransipoti munalipira K18,000, zonse pamodzi K248,000, ndikubwezerani pa nambala yomwe munalipilira ija tsiku lomwelo mwandiuza, ndi yochotsera ndiikapo kuti mukatapa kwa ejenti ilowe m'manja mwanu yathunthu. Sindidikira kuti yoswekayo ifike kaye kuno. Mukafuna kubweza seti yonse, batire, kontirola, inveta ndi mawaya, nazonso ndilandira nkubweza zonse zomwe munalipira. Musankhe inu, ine sindikukakamizani mbali.

Kaya musankha iti, K18,000 ya thiransipoti ija ndabweza kale, taonani mu foni mwanu iyenera kuti yalowa cha m'ma 2 koloko, ndiye mukasankha ndalama, yotsala pa K248,000 ija ndi K230,000. Simungalipire ulendo womwe wakubweretserani zinyenyeswazi.

Pali nkhani ya masiku omwe mwataya. Munandiuza pogula paja kuti mukufuna sola ifike mwezi usanathe chifukwa a ku esiteti ya nzimbe akalandira ndi pomwe babashopu imadzadza, ndipo magetsi akathima mumabweza anthu mitu ili theka, ena nkumapita kwa mnzanu wa jenereta. Mawu amenewo ndawakumbukira lero ndikuona zithunzi zija. Sindingawerenge bwinobwino kuti mwaluza zingati Lachitatu ndi Lachinayi, ndipo sindinamizira kuti ndingabweze zonse, koma mu katundu wa Yamikani ndaikamo mababu awiri a 12V ndi chotchajira mafoni cha mabowo asanu, zimenezo ndi zanu zaulere, zikuthandizeniko kubweza pang'ono pomwe patayika. Loweruka ndi Lamulungu, omwe ndi masiku enieni a ndalama, mukhala mukumeta ndi sola, limenelo ndiye lonjezo langa.

Ndikupempheni kanthu kamodzi madzulo ano mukapeza mpata. Poti batire ndi yomwe inakhala pamwamba pa galasi nkumadumpha njira yonse, ndikufuna nditsimikize kuti nayo ili bwino. Muiyang'ane mbali zonse ndi pansi pomwe, ngati pali mng'alu, potupa, kapena ponyowa, komanso mitu yake iwiri ija ngati siikugwedera. Mnzanu wa mita uja ayeze, batire yabwino yodzadza imaonetsa 12.6V kapena kupitilirako pang'ono, ikakhala pansi pa 12V mundiuze. Kontirola ndi inveta muzigwedeze pang'ono pafupi ndi khutu mumve ngati mkati muli chosokosera. Mujambule nkunditumizira isanakwane 8 koloko usiku uno, kuti ngati chilipo china chovulala Yamikani anyamuliretu chatsopano mawa, tisachite maulendo awiri. Osalumikiza chilichonse kaye, makamaka osalumikiza panelo ku kontirola batire isanalowe, kontirola imafuna iyambe yaona batire kenako panelo, anthu ambiri amaotcha pomwepa tsiku loyamba.

Komanso muonetsetse mbali ya denga yoyang'ana kumpoto, ndi komwe panelo imayenera kupenya kuno kwathu kuti izilandira dzuwa bwino chaka chonse, makamaka miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi pomwe dzuwa limadzera chakumpoto. Pa chithunzi cha shopu yanu chija ndaonapo mtengo wa mango kumbali, sindikudziwa kuti uli mbali iti, koma ngati mthunzi wake umagwa padenga masana mumuuze Yamikani asanakhome, mthunzi wa nthambi imodzi yokha umatha kugwetsa mphamvu ya panelo yonse. Makwelero ngati mungabwereke kwa aneba zithandiza, iye abwera ndi zida zina zonse.

Waranti ya chaka chimodzi ija iyambira Lachisanu tsiku loika, osati Lolemba lomwe munalipira, ndipo lisiti yatsopano yokhala ndi nambala ya panelo yatsopanoyo abwera nayo Yamikani, yakale ija musataye, muziphatikize. Meseji inonso muisunge, ndalemba dala zonse ndi mitengo yomwe kuti pasadzakhale zoti sindinanene choncho. Ndipo ngati Lachisanu lifika dzuwa nkulowa panelo isanakwere padenga panu, pa chifukwa chilichonse, kaya basi yafa kaya chani, ndikubwezerani K230,000 yanu tsiku lomwelo ndipo mudzasankha nokha ngati mukufunabe kugula kwa ife.

Munalemba kuti mukaika zithunzi zija pa Facebook anthu aone mmene timachitira. Sindikuletsani, ndi ufulu wanu ndipo zomwe zili pa zithunzizo ndi zoona, ngakhale ku CFTC komwe ogula amakadandaula mukanapita sindikanati mwalakwa. Zomwe ndalonjeza apazi sizikudalira kuti mufufute kapena mukhale chete ayi, muchita zomwe mtima wanu wafuna.

Ndiye mungondiyankha mawu amodzi, panelo kapena ndalama, isanakwane 8 koloko yomweyo kuti ndidziwe ngati Yamikani akagule tikiti. Mukafuna tilankhule ingoflashani pa nambala ino ndikuimbirani ine, ndi yanga osati ya shopu, ndimagona mochedwa.

Pepaninso a Banda, mupepeseko ndi mayi akunyumba omwe munati anathandizira ndalama ya ku banki mkhonde.

Ndine mayi Chirwa