Moni wa pa foni ya kwa Nachisale, telala wa ku Zomba

Wa masiku a ntchito

Moni, moni! Mwaimba kwa Nachisale, telala wanu kuno ku Zomba. Pepani kuti simunandipeze. Foni ikaitana mpaka kufika apa, ndiye kuti ndili pa makina, apo ayi ndikuyeza kasitomala, ndipo munthu amene ndamukulunga tepi m'chiuno sindingamusiye chiimire. Musadule chonde. Mukamva kuti "tii", yankhulani momasuka ngati takhala pakhonde.

Yambani ndi dzina lanu, kenako nambala yomwe ndikupezereni. Muitchule pang'onopang'ono, makamaka ngati foniyi mwabwereka. Mukatero nenani chomwe mukufuna: diresi, yunifolomu ya mwana, bulauzi ya Mvano, kusintha zipi, kubweza thalauza m'chiuno. Kantchito kakang'ono musachite nako manyazi, timasoka ndithu. Chachikulu, tchulani tsiku lomwe chovalacho chikufunika. Ngati ndi cha chinkhoswe kapena ukwati, mundiuzenso kuti ovala ndi angati, komanso ngati nsalu mwagula kale. Ngati simunagule, dikirani kaye tikambirane, chifukwa chitenje chimodzi cha mamita 2 sichikwana diresi yaitali ya munthu wamkulu, ndipo mukadzabwerera kumsika mwina mtunduwo udzakhala utatha.

Ndikuimbirani lero lomwe tisanatseke 5 koloko. Ongoflasha, pepani, sindidziwa kuti ndinu ndani. Siyani ngakhale mawu awiri. Zikomo kwambiri.

Wa usiku ndi Lamulungu

Zikomo poimba kwa Nachisale. Panopa tatseka. Timatsegula 7:30 m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo Loweruka timaweruka 1 koloko. Siyani dzina, nambala ndi chosowa chanu, ndikuimbirani tikangotsegula. Ngati muli ndi chithunzi cha sitayilo, tumizani pa WhatsApp pa nambala yomweyi. Koma ngati ndi zovala za pamaliro, nenani zimenezo poyambirira, ndimvere uthenga wanu msanga. Mukhale bwino.

Wa Seputembala mpaka pa 15 Okutobala

Moni, kuno ndi kwa Nachisale. Sukulu zatsegulira, mayunifolomu adzaza pa tebulo, ndiye Tsiku la Anakubala nalonso layandikira. Ngati mukufuna kuwasoketsera amayi kuti adzavale pa 15 Okutobala, nsalu ifike pasanadutse pa 5, kuti adzayese kaye tisanapinde m'munsi. Amene amayi awo ali kumudzi, bweretsani diresi yawo yakale yomwe imawakhala bwino, tiyezera pomwepo. Magetsi akazima musade nkhawa, makina opalasa alipo. Theka la ndalama mumapereka poyamba, pamanja, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, koma musatumize tisanagwirizane mtengo. Nenani dzina, nambala, ndi chomwe tiwasokere amayiwo. Ndikumvetsera.