Mlamu, za balansi shiti ija mumafunsa

Mlamu, zithunzi za kope lanu la shopu ndaziona, ndipo ndiyambe ndi kukuyamikirani, mumalemba ndithu, ambiri akatsegula shopu amangodalira mutu basi. Koma funso lanu lija lakuti "ndalama mudilowa zachuluka chonchi, ndiye kuti ndikupanga phindu eti?" kope la zogulitsa silingayankhe palokha. Pakufunika balansi shiti. Musaope dzinalo, ndi pepala limodzi chabe lomwe limanena zinthu zitatu pa tsiku limodzi: zomwe shopu ili nazo, ngongole zomwe shopu ili nazo kwa anthu, ndi chomwe chatsala kukhala chanuchanu. Manambala ndatenga m'kope lanu lomwelo, ndangochotsa maziro ena kuti tisazunguzike mutu.

Choyamba chenicheni, mupatule inu ndi shopu. Ndikudziwa kuti fungulo ndi lanu, dzina pachitseko ndi lanu, koma m'mabuku shopu ndi munthu wina ndipo inu ndi munthu wina. Mukaika ndalama mushopu ndiye kuti mwaipatsa shopuyo, mukatapa ndiye kuti mwailanda. Izi zikapanda kulowa m'mutu, zonse zotsatirazi zizingooneka ngati masamu opanda pake.

Zomwe shopu ili nazo a maakaunti amati maaseti. Ndalama zamudilowa, zakubanki, zapafoni ngati nambalayo ndi ya bizinesi, sitoko yomwe ili m'mashelefu, mashelefu enieniwo ndi kauntala, komanso ndalama zomwe makasitomala anatenga katundu pangongole sanabweze. Palinso ina yomwe anthu amaiwala, lendi yolipiriratu. Munalipira miyezi itatu, ndiye miyezi yomwe simunakhalemo ikadali chuma cha shopu, eni nyumba akukusungirani malowo.

Ngongole ndiye malayabilite. Loni yakubanki, katundu yemwe a holoselo anakupatsani kuti mudzalipire pambuyo pake, bilu ya magetsi yomwe yabwera simunalipire, malipiro a mnyamata wothandiza ngati mwezi watha simunampatse. Ngakhale dipoziti yomwe kasitomala wasiya kuti mumuodere chinthu ndi ngongole imeneyo, mpaka tsiku lomwe adzatenge katundu wake.

Chachitatu ndi ekwite, gawo la mwini shopu. Ili simuliwerenga ndi manja ngati ndalama, limapezeka pochotsera:

Maaseti = Malayabilite + Ekwite

kapena kutembenuza, maaseti kuchotsa ngongole, chotsalacho ndiye chanu. Chifukwa chake mbali ziwirizi zimafanana nthawi zonse nchosavuta, chilichonse chomwe chili mushopumo chinagulidwa ndi ndalama yochokera penapake, kaya kwa inu kaya kwa munthu amene munamubwereka. Kalembedwe kameneka nkakale, Luca Pacioli anakafotokoza m'buku lomwe linasindikizidwa ku Venice mu 1494, ndipo amalonda akumeneko anali akukagwiritsa ntchito kale iye asanalembe. Nde simuli nokha pa mutu wopwetekawu.

Tiyeni tiyende ndi shopu yanu. Pa 1 Malichi munaika mpamba wanu 30,000, banki inakubwerekani 20,000. Shopu inali ndi 50,000 yakeshi, ngongole 20,000, gawo lanu 30,000. Kenako munagula mashelefu ndi kauntala 12,000, sitoko 28,000, lendi ya miyezi itatu 6,000, mudilowa munatsala 4,000. Munandiimbira tsiku limenelo muli kudandaula kuti ndalama zonse zatha, mukukumbuka? Sizinathe, zinangosintha nkhope. 12,000 ndi 28,000 ndi 6,000 ndi 4,000 ndi 50,000 yomwe ija. Kenako a holoselo anakuonjezerani katundu wa 10,000 pangongole, mashelefu anadzadza mpaka kukongola, maaseti anafika 60,000, koma ngongole nazo zinakwera kufika 30,000 ndipo gawo lanu silinasunthe olo pang'ono, 30,000 yomweyo. Shopu yodzadza si umboni wakuti mwini wake walemera, mwina ndi katundu wa eni.

Tsopano mwezi wonse wa Malichi. Munagulitsa katundu wa 24,000, yemwe inu munaoda pa 18,000. Pa 24,000 imeneyo, 21,000 inalowa keshi, 3,000 ili kwa anthu atatu aja alembedwa kumapeto kwa kope. Munalipira magetsi ndi mnyamata 1,300, kubanki munapereka 1,500 koma apa tcherani khutu, 1,000 yokha ndiyo inachepetsa loni, 500 ndi chiwongoladzanja, imeneyo yapita basi siibwerera. A holoselo munawapatsako 6,000. Ndipo mzere uja mwalemba ndi zilembo zing'onozing'ono ngati mukuubisa, "zakunyumba", ukukwana 2,500. Ndauona mlamu, hahaha.

Balansi shiti ya pa 31 Malichi ikuoneka chonchi.

Maaseti
Keshi 13,700
Sitoko 20,000
Ngongole za makasitomala 3,000
Lendi yolipiriratu, miyezi iwiri 4,000
Mashelefu ndi kauntala 11,800
Zonse pamodzi 52,500

Malayabilite
Loni yakubanki 19,000
A holoselo 4,000
Zonse pamodzi 23,000

Ekwite 29,500

Ndiye taonani bwinobwino. Keshi yachoka pa 4,000 kufika pa 13,700, nchifukwa chake mumasangalala mukatsegula dilowa. Koma gawo lanu latsika, kuchoka pa 30,000 kufika pa 29,500. Zatheka bwanji? Keshi yambiriyo ndi sitoko yomwe yasanduka ndalama, mashelefu achepa katundu wa 18,000 ndipo kuti mudzadzenso muyenera kutapa mudilowa momwemo. Phindu lenileni la mwezi ndi 2,000 yokha: 6,000 yomwe munapeza pamwamba pa mtengo woodera, kuchotsa lendi ya mwezi umodzi 2,000, magetsi ndi malipiro 1,300, chiwongoladzanja 500, ndi 200 ya kutha kwa mashelefu. Shopu yapanga 2,000, inu mwatapa 2,500. 500 yapamwambayo mwadya mpamba. Si zoopsa mwezi umodzi, munthu ayenera kudya, koma zikamapitirira mwakachetechete chonchi mwezi ndi mwezi mudzangoona mashelefu akuyamba kuonekera matabwa inu osadziwa kuti zinalakwika pati, poti tsiku lililonse mumagulitsa ndithu.

Ine zinandichitikira pa shopu yanga yoyamba, ndinkatenga sopo, mabatire, makope a ana, osalemba, ndimvekere si zanga zomwe. Tsiku lowerenga sitoko panasowa katundu wambiri ndipo ndinayamba kumuyang'ana ndi diso loipa mtsikana yemwe ankandithandiza, mpaka sabata yonse osamuyankhula bwino. Nditakhala pansi ndi kukumbukira zomwe zinapita kunyumba kwanga, wakuba ndinali ine ndemwe. Manyazi ake mpaka pano. Nde katundu mukatenga mulembe pa mtengo woodera, pa mzere womwe uja wa zakunyumba.

200 ya mashelefu ija mwina yakudabwitsani poti palibe amene munamulipira. Ndi yomwe amati dipulishiyeshoni. Mashelefu ndi kauntala sizikhala mpaka kale, ndayerekeza kuti zikutumikirani zaka 5, nde 12,000 kugawa zaka 5 ndi 2,400 pachaka, 200 pamwezi. Mumangochotsa pang'onopang'ono basi kuti pepala lisamaname kuti zinthu zakale zikadali zatsopano.

Pa sitoko pokha ndiimepo kaye chifukwa ndi pomwe anthu timadzinamiza kwambiri. Sitoko imalembedwa pa mtengo womwe munaodera, osati womwe mukuyembekeza kugulitsira. Katundu wa 20,000 uja mwina mudzamugulitsa 26,000 kapena kuposa, koma phindu lomwe silinalowe sitiliwerengera. Ndipo zikatembenuka, chinthu chasweka, chafwifwa ndi dzuwa pawindo, deti yatha, kapena chatsika mtengo moti mungachigulitse pansi pa mtengo woodera, mumalemba mtengo wotsikawo. Komanso 20,000 imeneyi ine ndaipeza pochotsera m'kope, 38,000 kuchotsa 18,000. Kope likhoza kunena 20,000 mashelefu nkunena 19,200. Mutseke chitseko madzulo amodzi, muwerenge chimodzichimodzi ndi manja, nambala yam'mashelefu ndiyo yoona ndipo kusiyanako kumachoka pa gawo lanu.

Chimodzimodzi 3,000 ya makasitomala. Papepala ndi aseti, koma aseti yake ili m'thumba la munthu wina. Awiriwo mwati amabweza mwezi ukatha, chabwino. Wachitatu uja wa 800 yemwe mwati wasiya kudutsa njira ya kushopu ndipo foni sakuyankha, mumupatse nthawi pang'ono, koma zikaoneka kuti sizibwera muifufute, gawo lanu litsike ndi 800. Zimawawa, koma kusunga dzina lake papepala chaka chonse sikubweza ndalama.

Mukadzapita kubanki kukafuna loni ina adzafuna kuona zinthuzi zitagawidwa pawiri, za nthawi yochepa ndi za nthawi yaitali, malire ake ndi miyezi 12. Keshi, sitoko, ngongole za makasitomala ndi lendi ndi za nthawi yochepa, kwa inu zikukwana 40,700. Mashelefu ndi a nthawi yaitali. Kumbali ya ngongole, 4,000 ya a holoselo ndi 12,000 ya loni yomwe mubweze m'miyezi 12 ikubwerayi ndi za nthawi yochepa, 16,000, pomwe 7,000 yotsala ndi ya nthawi yaitali. 40,700 poyerekeza ndi 16,000 muli bwino ndithu, ngakhale theka la 40,700 imeneyo ndi katundu woti agulidwe kaye, ndipo lendi yolipiriratu simungalipirire nayo munthu.

Mbali ziwiri zikakana kufanana musakakamize polemba nambala yongopeka kuti zikwane. Pali chinachake chomwe chalembedwa mbali imodzi yokha, kawirikawiri ndi katundu wapangongole yemwe mwamuwerenga pa sitoko koma ngongole yake simunailembe, kapena ndalama yomwe munatapa mothamanga. Komanso kufanana kokha sikutanthauza kuti zonse zili bwino. Ngati ekwite mwangoipeza pochotsera ndiye kuti ifanana basi olo manambala ali olakwika, nchifukwa chake ine ndimaipeza kawiri: 52,500 kuchotsa 23,000, kenako mpamba 30,000 kuphatikiza phindu 2,000 kuchotsa zotapa 2,500. Njira zonse ziwiri zikandipatsa 29,500 ndiye mtima umakhala pansi.

Ya Epulo mupange nokha. Pa 30 madzulo muwerenge keshi, muwerenge sitoko, mufunse a holoselo kuti buku lawo likuti mwatsala ndi zingati osangodalira lanu, lendi ikhala yatsala ya mwezi umodzi 2,000, mashelefu 11,600. Mukatha munditumizire chithunzi, ndipo mzere wa zakunyumba uja mulembe ndi zilembo zooneka ulendo uno.