Bedi 14, wodi ya abambo: fupa la ntchafu lothyoka, tsiku lachiwiri chiikireni chitsulo

Mwadzuka bwanji adokotala. Pa bedi 14 pali bambo a zaka 29, a kabaza wa njinga yamoto. Anawombana ndi minibasi Lachisanu lapitali. Anavala chisoti, sanakomoke. Alibe shuga kapena matenda ena, HIV tinayeza alibe, koma amasuta fodya.

Pofika, mwendo wamanja unali wofupika, phazi litagwera kunja, ntchafu itatupa, koma bala panalibe. Ekisileyi inaonetsa kuti fupa la ntchafu lathyoka chopingasa pakatikati, popanda tizidutswa. Tinajambulanso chiuno poopa kuti khosi la fupali lathyokera limodzi, lili bwino. Anakhala pa thirakishoni masiku 5 podikira fiyeta.

Lachitatu anawabaya sipayino, tinalowetsa chitsulo cha SIGN kuchokera m'chiuno, kunenepa mamilimita 10, kutalika 380, sikuluwu ziwiri kumtunda, ziwiri kumunsi. Tinatsegula pang'ono pothyokapo kuti tilunzanitse fupa ndi manja. Anataya magazi pafupifupi mamililita 600. Seftiriyakisoni analandira tisanacheke.

Lero akuti ululu watsika, akumwa palasetamo ndi tiramado, molofini tinasiya dzulo. Akudya, akukodza bwino. Kutentha kwa thupi 37.2, bipi 108 pa 66, mtima ukugunda 104, okosijeni 97 popanda makina. Sakubanika, mutu ukugwira bwino, tizidontho tofiira pachifuwa palibe. Bandeji ndi youma. Katumba ndi wofewa, sakuwawa. Phazi ndi lofunda, mtsempha ukugunda, akukweza zala ndipo akumva ndikawakhudza. Miyendo ndi yofanana kutalika, phazi silinapotoke. Ekisileyi ya dzulo ndi iyi: fupa lakumana bwino, sikuluwu zonse zalowa m'mabowo ake.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi magazi. Asanapite ku fiyeta anali 11.4, dzulo madzulo 8.2. A fizio atawaimiritsa ndi ndodo anachita chizungulire, anawakhazika pansi asanayende n'komwe. M'maso mwayera, koma ntchafu sinawonjezere kutupa. Ndayeza ndi tepi, ndi chimodzimodzi dzulo. Bondo lalimba, akupinda mpaka madigiri 40 okha, ndiye mitsempha yogwira bondolo sindinathe kuiyeza bwino.

Maganizo anga ndi akuti tiyezenso magazi m'mawa uno, titumizenso ena kulabu kuti atisungire paindi imodzi, tiyambe mapilitsi a ayironi. Enokisapalini apitirize. A fizio ayambe ndi kupinda bondo pabedi. Ulusi tidzachotsa pa tsiku la 14, ekisileyi ina pakatha masabata 6. Za fodya ndawauza kuti amachedwetsa fupa kulumikizana. Iwo akufunitsitsa kutuluka mawa, akuti njingayo ndi ya ngongole, koma ine ndikuona kuti adikire kaye.

Mafunso anga ndi awiri, adokotala. Magazi akapezeka adakali cha pa 8 koma chizungulire chilipobe, tiwaike paindiyo kapena tidikire? Ndipo popeza fupa lathyoka chopingasa ndipo lagundana bwino, tiwalole kuponda mmene angathere, kapena azingogunditsa zala pansi?