Tsamba la ntchito 7: Aponda kangati njinga isanalire?

Lachiwiri, gulu la masamu a mwayi, chaka choyamba

Makina osindikizira afanso, ndiye tsambali ndalemba pamanja. Pamene inki yafalikira mundifunse m'kalasi, musalote manambala. Yambani mwayesa funsoli panokha, mayankho ali m'munsimu muwaone pambuyo.

FUNSO

Bambo Chirwa amayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Sitata ya njingayo inafa kalekale, choncho m'mawa uliwonse amailiza poponda kiki. Akaponda kamodzi, mwayi woti injini ilire ndi 0.3. Mwayiwu susintha, ndipo zimene zachitika pa kuponda kumodzi sizikhudza kuponda kotsatira. Amapondabe mpaka injini italira, ikalira basi waleka. X ikhale nambala ya maulendo amene waponda, kuwerengera pamodzi ndi ulendo umene injini yalira.

(a) Tchulani mtundu wa kagawidwe ka mwayi ka X, ndipo mulembe fomula ya P(X = k).
(b) Pezani mwayi woti injini ilire pa kuponda kwachinayi.
(c) Pezani mwayi woti aponde kanayi konse injini osalira.
(d) Pezani mwayi woti injini ilire asanapitirire kanayi.
(e) Pezani E(X) ndi Var(X).
(f) Lero aponda kale kanayi, njinga ili duu. Mwayi woti alepherenso katatu motsatizana ndi wotani?
(g) Akonzekere kuponda kangati kuti mwayi woti injini ikhale italira ufike 0.95 kapena kuposa?

MAYANKHO

(a) Musanagwire kakyuleta, onani zinthu zimene funso lakupatsani. Kuponda kulikonse kuli ndi mathero awiri okha, kulira kapena kusalira. Mwayi ndi womwewo nthawi zonse. Maulendowo sadalirana. Ndipo chachikulu, palibe amene waikiratu kuti aponda kangati: chimene chimamuimitsa ndi kulira kwa injini. Zikakhala chonchi X ndi ya jiyometiriki, ndipo timalemba X ~ Geo(0.3). Apa p = 0.3 ndipo q = 1 − p = 0.7.

Fomulayi musailoweze ngati ndakatulo, imangeni nokha. Kuti injini ilire koyamba pa ulendo wa nambala k, payenera kukhala kulephera pa maulendo onse a m'mbuyo, omwe alipo k − 1, kenako kupambana kumodzi kumapeto. Popeza sadalirana, timachulukitsa:

P(X = k) = 0.7^(k − 1) × 0.3, pamene k = 1, 2, 3, ...

Timadontho takumapetoto tili ndi tanthauzo. X imayambira pa 1, chifukwa injini singalire munthu asanaponde, koma ilibe pothera. Papepala Bambo Chirwa angathe kuponda ka 200. Mwayi wake ndi wochepetsetsa zedi, koma si ziro.

(b) Kulephera katatu, kenako kulira.

P(X = 4) = 0.7 × 0.7 × 0.7 × 0.3 = 0.343 × 0.3 = 0.1029

Apa ndi pamene ambiri a inu munagwa pa mayeso apitawa, ndiye ndichedwapo pang'ono. Ena munalemba 0.7^4 × 0.3 n'kupeza 0.0720. Limenelo ndi yankho la k = 5. Mwawerenga kulephera kanayi, chonsecho ulendo wachinayiwo ndi umene injini yalira. Werengani ndi zala ngati mukukayika: walephera, walephera, walephera, yalira. Zolephera ndi zitatu.

Ena munaika 4C1 kutsogolo n'kupeza 0.4116, chifukwa mutu unali udakali ku bayinomiyo ya sabata yatha. Kumeneko timachulukitsa ndi nCr popeza kupambana kungagwe paliponse pa mndandanda: poyamba, pakati kapena kumapeto. Kuno malo a kupambana ndi amodzi basi, kumapeto. Injini ikanalira pa ulendo wachiwiri, ndani akanapondanso kachitatu? Akanakhala atanyamuka kale ndi kasitomala. Ndiye mndandanda ulipo umodzi wokha, ndipo nCr ilibe ntchito.

Ndakulemberani manambala oyambirira kuti muone mmene akutsikira:

k = 1: 0.3
k = 2: 0.21
k = 3: 0.147
k = 4: 0.1029
k = 5: 0.0720
k = 6: 0.0504

Nambala iliyonse ndi ya pamwamba pake kuchulukitsa ndi 0.7. Dzina loti jiyometiriki lachokera pomwepa, pa mndandanda uja munaphunzira ku sekondale, umene nambala yotsatira imapezeka pochulukitsa ndi reshiyo imodzimodzi. Muugwiritsenso ntchito poonetsetsa kuti zonse zikaphatikizidwa zikupereka 1: nambala yoyamba a = 0.3, reshiyo r = 0.7, ndiye a/(1 − r) = 0.3/0.3 = 1. Onaninso kuti nambala yaikulu pa onsewo ndi ya k = 1. Ngakhale njinga ikhale yovuta bwanji, ulendo umene uli ndi mwayi woposa wina uliwonse paokha ndi woyamba. Ambiri izi zimawadabwitsa. Chifukwa chake n'choti kuti ufike pa ulendo wachiwiri uyenera kuyamba walephera woyamba.

(c) Funsoli ndi P(X > 4). Simufunika kuphatikiza manambala osatha kuyambira pa 5. Kunena kuti X yaposa 4 ndi chimodzimodzi kunena kuti maulendo anayi oyamba onse alephera.

P(X > 4) = 0.7^4 = 0.2401

Lamulo lake: P(X > n) = q^n. Palibe p m'menemo, chifukwa sitikunena kuti injini ilira liti.

(d) Asanapitirire kanayi ndiye kuti X ndi 1, 2, 3 kapena 4.

P(X ≤ 4) = 1 − 0.2401 = 0.7599

Tsimikizani ndi manambala ali pamwambawa: 0.3 + 0.21 + 0.147 + 0.1029 = 0.7599. Zagwirizana. Chenjerani ndi mawu a funso. Likanati asanafike pa kuponda kwachinayi, tikanafuna P(X ≤ 3) = 1 − 0.343 = 0.657. Kusiyana kwa mawu amodzi, malikisi awiri apita.

(e) E(X) = 1/p = 1/0.3 = 3.33

Var(X) = q/p² = 0.7/0.09 = 7.78

Pamene ndafufutapo ndinalemba 0.7/0.3, ndinaiwala sikweya. Mwaona, ngakhale ine. Sikweya ruti ya 7.78 ndi 2.79, nambala yaikulu ndithu poyerekeza ndi avareji ya 3.33. Ndiye kuti masiku amasiyana kwambiri: lero kamodzi, mawa kasanu ndi katatu.

Musasinthe 3.33 kukhala 3 ponena kuti munthu saponda katatu ndi kachidutswa. Imeneyi ndi avareji ya m'mawa wa masiku ambirimbiri. Pa masiku 300 tiyembekezera kuti aponda pafupifupi ka 1,000.

Kwa ofuna kudziwa kumene 1/p yachokera, njira yaifupi ndi iyi. Kuponda koyamba sikuthawika, ndiye tili ndi 1. Akalephera, zomwe mwayi wake ndi q, amakhala ngati akuyambiranso, ndipo zotsala kutsogolo zikadali E pa avareji. Choncho E = 1 + qE, kutanthauza kuti E(1 − q) = 1, ndipo E = 1/p.

(f) Tikufuna P(X > 7 | X > 4). Munthu amene wapitirira 7 wapitiriranso 4, choncho pamwamba pangotsala P(X > 7).

P(X > 7 | X > 4) = 0.7^7 / 0.7^4 = 0.0823543 / 0.2401 = 0.343

Yankholi ndi 0.7^3, lofanana ndendende ndi mwayi wolephera katatu kwa munthu amene wangodzuka kumene, sanapondeko n'kamodzi komwe. Maulendo anayi aja apita pachabe. Jiyometiriki sikumbukira za m'mbuyo. Mtima umanena kuti wavutika mokwanira, tsopano iyenera kulira basi, koma mu funso lathu mwayi wa ulendo wachisanu ndi 0.3 yemweyo. Maganizo oti nthawi yanga yakwana ndi omwe amamaliza ndalama za otchova njuga.

Wina wa inu amene anakhalapo pagalaja anditsutsa, ndipo akhala akunena zoona. Njinga yeniyeni imakumbukira. Ukaponda kambiri osalira, petulo amatha kuchuluka mu injini, pulagi n'kunyowa, mwayi n'kutsika. Nthawi zina mwayi umakwera chifukwa mafuta ayamba kufika bwino, koma mwendo ukatopa umatsikanso. Funso latiuza kuti titenge p ngati yosasintha, ndiye tatero. Koma mayeso akakufunsani kuti mutchule chimene chingalepheretse jiyometiriki kugwira ntchito pa nkhani ngati iyi, yankho ndi limeneli: maulendowo angakhale odalirana, kapena p ingamasinthe.

(g) Tikufuna n yochepetsetsa yoti P(X ≤ n) ≥ 0.95.

1 − 0.7^n ≥ 0.95
0.7^n ≤ 0.05
n × ln(0.7) ≤ ln(0.05)
n ≥ (−2.9957)/(−0.3567) = 8.40

Chizindikiro chatembenuka pa mzere womaliza chifukwa ln(0.7) ndi nambala yochepera ziro, ndipo tagawa nayo. Mukaiwala kutembenuza mupeza n ≤ 8.40, yankho lonena kuti kuponda pang'ono ndiye kumathandiza, zomwe n'zosamveka. Popeza n iyenera kukhala yathunthu ndiponso yosachepera 8.40, n = 9. Musatsitsire ku 8 potengera kuti 0.40 sinafike theka. Yesani zonse ziwiri: 1 − 0.7^8 = 0.9424, sinakwane. 1 − 0.7^9 = 0.9596, yakwana.

ZA PAKOMPYUTA

Mabuku ena sawerenga maulendo onse, amawerenga zolephera zokha kupambana kusanafike. Imeneyo tiitche Y = X − 1. Imayambira pa 0, P(Y = y) = q^y × p, ndipo E(Y) = q/p = 2.33. Variyansi sisintha. Pulogalamu ya R imatsata kawerengedwe kameneka, choncho mu labu Lachinayi, pofuna yankho la (b) ndi la (d) mulembe 3, osati 4:

```
dgeom(3, prob = 0.3)
pgeom(3, prob = 0.3)
```

Mupeza 0.1029 ndi 0.7599. M'kalasi mwathu ndi pa mayeso, X ndi maulendo onse pamodzi ndi wopambanawo, pokhapokha funso litanena zina.

ZOKACHITA KUNYUMBA

1. Pa masewera a ludo, kanthu kako sikatuluka m'nyumba mpaka dayisi itagwa pa 6. Tengani dayisi yosakondera ya mbali zisanu ndi imodzi. Pezani mwayi woti 6 igwe koyamba pa kuponya kwachitatu, avareji ya maulendo oponya, ndi mwayi woti munthu aponye kasanu ndi kamodzi 6 osaoneka. Zoti mudziyese nazo: 25/216, 6, ndi 0.3349. Ndikufuna kuona njira, osati manambala atatuwa okha.

2. Bambo Chirwa atopa, tsopano akusinthana ndi mwana wawo: bambo aponda koyamba, mwana kachiwiri, bambo kachitatu, choncho choncho, p ikadali 0.3 kwa onse awiri. Pezani mwayi woti injini ilire mwana ndiye ali pa kiki. Lembani P(X = 2), P(X = 4) ndi P(X = 6) motsatana, muone reshiyo yake. Yankho la ili sindikupatsani.

Mubweretse Lachisanu isanakwane 10 koloko, papepala lapadera, dzina ndi nambala yanu pamwamba. Mayankho onse akhale ndi manambala anayi pambuyo pa kadontho.