Kalata kwa alembi: kuchotsa mipata ndi zilembo zobisika m'manambala a malisiti

Johannesburg, 14 Malichi 2025

Kwa alembi onse a pakauntala ndi a kosungira katundu,

Ndakulemberani kalatayi chifukwa cha zimene zinachitika sabata yatha, pamene firiji ndi mabulangete a mayi wina amene amagwira ntchito ku Randburg zinatsala pansi lole yopita ku Blantyre itanyamuka, chonsecho iwo anali atalipira ndalama zonse kudzera kubanki masiku anayi m'mbuyo mwake. Mlembi amene anali pantchito tsikulo anafufuza lisiti nambala JHB-2047 m'tsamba la malipiro monga mwa nthawi zonse, Excel inamuyankha kuti `#N/A`, ndipo iye anatsatira lamulo lathu loti katundu wosalipiridwa sakwera. Mmene tinkazindikira kuti ndalamazo zinalipo, loleyo inali itawoloka kale pa Beitbridge. Sindikuloza chala mlembiyo, chifukwa ine ndemwe nditaika manambala awiriwo pafupi ndinaona kuti ndi ofanana ndendende. Kusiyana kwake kunali kachilembo kamodzi kosaoneka kamene kanamatirira kumapeto kwa nambala yochokera kubanki.

Fomyula imene timagwiritsa ntchito m'tsamba la katundu ndi iyi:

```
=VLOOKUP(A2,Malipiro!A:C,3,FALSE)
```

Mawu akuti `FALSE` ali kumapetowo amalamula kuti Excel ibweretse yankho pokhapokha ikapeza nambala yofanana chilembo ndi chilembo ndi imene ili mu `A2`. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono siizisiyanitsa, koma mpata imauwerengera ngati chilembo chenicheni, motero JHB-2047 yotsatiridwa ndi mpata umodzi ndi nambala ina kwa iyo, ngakhale kuti maso a munthu sangaone kanthu. Amene mumagwiritsa ntchito `XLOOKUP` musaganize kuti mwapulumuka, pakuti nayonso imakana chimodzimodzi. Musayesenso kusintha `FALSE` kukhala `TRUE` pofuna kuti cholakwikacho chichoke, chifukwa mukatero fomyula ikhoza kukupatsani malipiro a munthu wina popanda kukuchenjezani, zomwe ndi zoipa kuposa kukana kuja.

Choncho mukaona `#N/A` pa nambala imene mwini wake akunenetsa kuti analipira, choyamba werengani zilembo zake musanamuyankhe. Manambala athu onse ali ndi zilembo 8, kuphatikizapo kamzere ka pakati. Lembani fomyula yoyamba ili pansipa pambali pa nambalayo m'masamba onse awiri, ndipo ikakupatsani 9 kapena 10 dziwani kuti pali chimene chabisala. Yachiwiri ndi yachitatu zikuuzani nambala ya chilembo chotsiriza ndi ya chilembo choyamba, popeza chilembo chilichonse pakompyuta chili ndi nambala yake yokhazikika.

```
=LEN(A2)
=UNICODE(RIGHT(A2,1))
=UNICODE(LEFT(A2,1))
```

Yankho likakhala 32, umenewo ndi mpata wamba wa batani lalitali lija, ndipo kawirikawiri umalowa pamene foni yawonjezera mpata yokha munthu akasankha mawu amene yamulembera, kapena pamene chala chagunda batanilo mlembi ali pachangu. Likakhala 10, ndi chizindikiro choyambira mzere watsopano, chimene chimalowa mukadina `Alt` pamodzi ndi `Enter` muli m'selo, kapena mukakopa uthenga wa mizere iwiri. Nambala 13 ndi mnzake wa 10 amene amabwera ndi mafayilo ochokera m'mapulogalamu ena, pomwe 9 ndi mpata wa batani la `Tab`. Koma chimene chinatsitsa firiji ija chinali 160, mpata umene umaoneka ngati wamba koma unapangidwa kuti mawu awiri asalekane mzere ukatha. Masamba a pa intaneti amaugwiritsa ntchito kwambiri, ndipo n'chifukwa chake umalowa m'mabuku athu nthawi zambiri tikakopa sitetimenti mwachindunji patsamba la banki.

Kudziwa nambalayi n'kofunika chifukwa zida ziwiri zimene ambiri a inu mukuzidziwa zili ndi malire. `TRIM` imachotsa mipata ya nambala 32 yokha: imafafaniza ya koyambirira ndi ya kumapeto, ndipo ikapeza ingapo yondondozana pakati pa mawu imasiyapo umodzi. Mpata wa 160 imangoudutsa. `CLEAN` imachotsa zilembo zosasindikizika za nambala 0 mpaka 31, kutanthauza kuti 9, 10 ndi 13 imazimaliza, koma 160 siimukhudza, ngakhalenso 127. Ndaonapo alembi akuika `TRIM`, kuona kuti palibe chasintha, n'kungoganiza kuti kompyuta yasokonekera. Vuto silikhala kompyuta, koma kuti chidacho sichinapangidwire chilembo chimenecho. Njira yake ndi kusandutsa kaye 160 kukhala mpata wamba ndi `SUBSTITUTE`, kenako n'kulola zida ziwirizo kumaliza ntchito.

```
=TRIM(CLEAN(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(A2,UNICHAR(160)," "),CHAR(10)," ")))
```

Excel imayamba kuwerenga fomyula kuchokera m'kati kupita kunja, ndiye ndondomeko yake musaisinthe. `TRIM` iyenera kukhala kunja kwenikweni kuti isese mipata yonse imene `SUBSTITUTE` yasiya. Muonanso kuti chizindikiro cha mzere watsopano ndachisandutsa mpata `CLEAN` isanachifikire, ndipo chifukwa chake ndi ichi: `CLEAN` imangochotsa osaikapo kanthu, motero adiresi imene inalembedwa Ndirande pamzere wapamwamba ndi Blantyre pamzere wapansi imasanduka NdirandeBlantyre, ndipo dalaivala akamasefa katundu wa ku Blantyre m'njira zina sangaipeze. Makompyuta ambiri okonzedwa motsatira kalembedwe ka South Africa amalekanitsa zigawo za fomyula ndi `;` m'malo mwa `,`, choncho ngati yanu ikukana fomyulayi, sinthani zizindikiro zolekanitsazo basi, zina zonse muzisiye momwemo.

Pali zilembo zina zimene fomyulayi singazichotse, ndipo zimatifika makamaka kudzera m'mauthenga a pafoni. Chilembo cha 8203 ndi mpata wopanda m'lifupi konse, moti ngakhale mutadina m'selo simungaone chilichonse. Zilembo za 8234 ndi 8236 zimauza kompyuta mbali imene mawu ayenera kulowera, ndipo zimakonda kukuta nambala ya foni kutsogolo ndi kumbuyo mukaikopa kuchokera pamndandanda wa manambala. Mukapeza chimodzi mwa izi, chichotseni pochitchula nambala yake, m'kolamu yotsatira, motere:

```
=TRIM(SUBSTITUTE(B2,UNICHAR(8203),""))
```

Pamene pali 8203 mutha kuikapo nambala iliyonse imene `UNICODE` yakuuzani. Ngati zilembo zikupitirirabe 8 pomwe choyamba ndi chotsiriza zili bwino, chobisikacho chili pakati, ndipo muchisake chimodzichimodzi ndi `MID`, kusintha 4 kukhala 2, 3, 5, 6 ndi kupitirira mpaka muchipeze. Ngakhale zilembo zitakhala 8 ndendende, onaninso pamalo achinayi, pamene payenera kutuluka 45, amene ndi kamzere wamba. Mukapeza 8211, nambalayo inadutsa mu Word, imene nthawi zina imasintha kamzere kukhala kotalikirapo, ndipo mukasandutse ndi `SUBSTITUTE` yomweyo.

```
=UNICODE(MID(A2,4,1))
```

Kuyeretsa mbali imodzi yokha sikuthandiza. Pankhani ya mayi aja, nambala ya m'tsamba la katundu inali yoyera, yodetsedwa inali ya m'tsamba la malipiro, ndiye kuika `TRIM` mozungulira `A2` m'kati mwa `VLOOKUP` sikukanasintha kanthu. Kuyambira tsopano tsamba lililonse likhale ndi kolamu yothandizira pambali pa manambala oyambirira. Lembanimo fomyula yoyeretsa, ikokereni pansi mpaka mzere wotsiriza, tsimikizani ndi `LEN` kuti mizere yonse ikupereka 8, kenako koperani kolamuyo n'kuimata pamwamba pa manambala akale posankha `Paste Special` ndi `Values`. Musanamate, sungani fayiloyo m'dzina lina lokhala ndi deti la tsikulo, kuti tikalakwitsa tikhale ndi pobwerera.

Amene mumakonda kugwiritsa ntchito `Ctrl` ndi `H` mutha kuchotsa 160 m'kolamu yonse nthawi imodzi polemba `0160` pamabatani a manambala a kudzanja lamanja mutagwira `Alt`, m'bokosi la `Find what`. Njirayi ndi yachangu, koma ine sindiilimbikitsa pa kolamu ya maina ndi maadiresi, chifukwa bokosi lapansi likatsala lopanda kanthu maina awiri amalumikizana kukhala limodzi, ndipo malaputopu athu awiri alibe mabatani a kumanjawo.

Chenjezo lina likukhudza maselo a manambala okhaokha. Chilichonse chotuluka mu `TRIM` kapena `SUBSTITUTE` chimakhala mawu, osati nambala yowerengetsera, ndipo kwa `VLOOKUP` nambala 2047 ndi mawu akuti 2047 ndi zinthu ziwiri zosiyana. Manambala a foni, a pasipoti ndi a chitupa cha South Africa cha manambala 13 asungidwe ngati mawu mbali zonse ziwiri, chifukwa mukawasandutsa nambala ziro woyambirira amasowa, ndipo chitupa cha munthu wobadwa mu 2003 chimayamba ndi ziro. Ndalama zokha ndi zimene ziyenera kusandutsidwa. Kalembedwe ka kuno kamaika mpata polekanitsa masauzande, ndipo mpatawo nthawi zambiri umakhala 160 yemwe uja, motero 1 250,00 yokopedwa kubanki imatha kulowa ngati mawu, `SUM` n'kuidumpha mwakachetechete.

```
=NUMBERVALUE(SUBSTITUTE(C2,UNICHAR(160),""),",",".")
```

Kudumpha mwakachetechete kumeneku ndi kumene kumandidetsa nkhawa koposa. `VLOOKUP` ikalephera imaonetsa `#N/A`, ndipo munthu amadziwa kuti pali vuto, koma `SUMIF` ndi `COUNTIF` zimangosiya mizere yodetsedwayo n'kupereka chiwerengero chochepa chooneka ngati cholondola. Pachifukwa chomwechi ndachotsa `IFERROR` imene wina anaika m'tsamba la mwezi wa Febuluwale kuti `#N/A` izioneka ngati ziro. Ndikumvetsa kuti cholinga chinali choti tsamba lizioneka laukhondo, koma ziro amatanthauza kuti munthu sanalipire, pomwe `#N/A` imangotanthauza kuti nambala sinapezeke, ndipo pakauntala mfundo ziwirizi tiyenera kuzisiyanitsa. Musaibwezeretsenso.

Kuyambira Lolemba pa 17 Malichi, sitetimenti ya kubanki izitsitsidwa ngati fayilo ya CSV m'malo moikopa pasikirini, ndipo iziyeretsedwabe isanalowe m'tsamba la malipiro. Nambala ya lisiti yotumizidwa pa WhatsApp izilembedwanso pamanja. Katundu aliyense woonetsa `#N/A` asatsitsidwe pamndandanda wa lole mpaka mlembi atawerenga zilembo mbali zonse ziwiri ndi kundidziwitsa, ngakhale zitakhala kuti dalaivala wayatsa kale injini. Firiji ndi mabulangete a mayi aja zikwera ulendo wa Lachiwiri, ndipo ofesi yawabwezera theka la mtengo wonyamulira.

Ndine,

Woyang'anira mabuku a ofesi